Kuletsa mapulogalamu amene akudya ndalama za bizinesi mwezi ndi mwezi

Eni mabizinesi ang'onoang'ono ambiri amadziwa pamtima lendi, magetsi ndi malipiro a antchito. Koma mukawafunsa kuti mapulogalamu a pa kompyuta ndi pa foni akuwadula zingati pa mwezi, amangoti "ndi tindalama tochepa." Tindalama timeneti nthawi zambiri timadulidwa m'madola, ndipo kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, pulogalamu yomweyo inayamba kudya makwacha ochuluka popanda mwini wake kusaina kalikonse.

Poyamba, tengani sitetimenti ya ku banki ya khadi lililonse limene munalipirapo zinthu pa intaneti, kuphatikizapo khadi lanulanu, chifukwa ambiri tinayamba bizinesi tikulipira ndi la m'thumba. Ikhale ya miyezi 13. Ya miyezi itatu imabisa mapulogalamu olipiridwa kamodzi pa chaka, ndipo amenewo ndiwo amapweteka. Chongani ndi cholembera ndalama iliyonse yobwerezabwereza. Mizere ina sitchula dzina la pulogalamu, imangoti APPLE.COM/BILL, kapena imayamba ndi GOOGLE* kaya PAYPAL *. Kuti mudziwe chimene chili kuseri kwake, fufuzani mu imelo mawu akuti receipt kapena renewal, kenako muone pa foni. Pa Android tsegulani Play Store, pitani pa Payments & subscriptions. Pa iPhone ndi Settings, dzina lanu, kenako Subscriptions.

Mukapeza mndandanda, lembani pambali pa pulogalamu iliyonse tsiku limene idzadulenso ndalama, ndiponso dzina la munthu amene anaigwiritsa ntchito komaliza. Musafunse antchito kuti "kodi imeneyi timaifuna?" Aliyense adzati eya. Afunseni kuti akuonetseni ntchito imene anapangirapo m'miyezi iwiri yapitayi.

Tiyerekeze shopu yosindikiza makadi aukwati ndi mapositala. Mayi mwini shopu akupeza kuti akulipira maakaunti asanu a Google Workspace, a imelo ndi mafayilo a bizinesi, tinene kuti $7 iliyonse, pomwe antchito atsala atatu. Awiri anachoka chaka chatha, ndipo mayiwo anangoimitsa maakaunti awo. Apa mpamene ambiri amapusitsika. Akaunti yongoimitsidwa, imene pa sikirini imalembedwa Suspended, imalipiridwabe. Kuti $14 ija isiye kutuluka, ayenera kusamutsira mafayilo a anthuwo kwa wantchito wina, n'kufufuta maakauntiwo. Izi zimachepetsa bilu msanga ngati ali pa Flexible Plan, yolipira mwezi ndi mwezi popanda mgwirizano wa chaka. Ngati anasankha ya chaka, chiwerengero cha malayisensi sichitsika mpaka chaka chitakwana.

M'shopu yomweyo muli Canva Pro ndi pulogalamu ya Adobe, koma mnyamata wokonza makadi amatsegula Canva yokha. Mayi akufuna kuletsa ya Adobe lero lomwe. Ayambe aona mtundu wa mgwirizano. Ngati palembedwa Annual, billed monthly, ndiye kuti anavomera chaka chathunthu ngakhale amalipira pamwezi, ndipo akaletsa patadutsa masiku 14 oyambirira amalipitsidwa theka la ndalama zotsala. Tinene kuti ndi $20 pa mwezi ndipo kwatsala miyezi isanu. Kupitiriza kuwadyera $100, kuletsa $50, choncho aletse. Kukanakhala kuti kwatsala mwezi umodzi ndipo nyengo ya maukwati yayandikira, ine ndikanati aigwiritse ntchito, koma alembe pa kalendala tsiku loletsa, sabata imodzi chaka chisanakwane.

Musanaletse chilichonse, tsitsani zanu. Ma invoisi, mndandanda wa makasitomala ndi zithunzi zikhale pa kompyuta ndi pa fulashi, makamaka za m'pulogalamu yowerengera ndalama, poti a MRA angadzazifune. Ndipo dzina la webusaiti yanu musalikhudze pongoona kuti webusaitiyo simuitsegula. Ngati imelo ya bizinesi ili pa dzina limenelo, likatha ntchito makalata a makasitomala amasiya kufika.

Kufufuta pulogalamu pa foni si kuletsa. Chithunzi chake chimachoka, ndalama n'kumadulidwabe. Kusiya khadi lopanda ndalama nakonso sikuthetsa mgwirizano, chifukwa makampani ambiri amayesanso kudula. Letsani pamalo pamene munalembetsera: ngati munalipira kudzera mu Play Store, muletserenso momwemo. Adzakunyengererani ndi mtengo wotsika kapena mwezi waulere, koma pitirizani kudina mpaka imelo yotsimikiza ifike, ndipo muisunge. Mwezi wotsatira tenganinso sitetimenti. Mzere uja ukaonekanso, tumizani imeloyo ku kampaniyo, ndipo ikapanda kubweza ndalama pitani nayo ku banki mukadandaule.