Momwe mungagawire zovala zodzadza muwodiropu pogwiritsa ntchito chithunzi cha pafoni

Anthu ambiri akafuna kukonza muwodiropu amayamba ndi kukhuthulira zonse pabedi. Chovala chilichonse akachigwira amachiyesa, kukumbukira komwe anachigula, n'kuchibwezera. Dzuwa likamalowa zonse zabwerera momwe zinalili. Chithunzi chimathandiza chifukwa mumagamula musanagwire nsalu, mtima usanafewe. Koma chithunzi sichinunkhiza ndipo sichikoka msoko, choncho ntchitoyi ili pawiri: maso ayambe pafoni, manja adzatsimikize pambuyo.

Jambulani m'mawa, zenera ndi zitseko za wodiropu zili zotsegula. Pukutani kagalasi ka kamera, zimitsani fulashi, bwererani m'mbuyo mapazi awiri, foni ili pachifuwa. Fulashi imawalitsa zoyera mpaka thimbiriro losaoneka, ndipo zakuda ndi zabuluu wakuda zimaoneka ngati chinthu chimodzi. Tengani chithunzi chimodzi cha wodiropu yonse, kenako chimodzichimodzi pa shelefu iliyonse. Zopindidwa zimangoonetsa m'mphepete, ndiye zikokeni pang'onopang'ono ngati masitepe, chilichonse chitulukire zala zitatu kuposa cha pamwamba pake. Zopachika zitalikitseni kuti phewa la chilichonse lioneke. Ngati zovala zanu zimakhala pachingwe kapena musutikesi, ziyaleni pamphasa khumi khumi n'kujambula mutaimirira.

Mukatero tsekani wodiropu, mukakhale pakhonde. Tsegulani chithunzi, dinani `Edit`, n'kusankha kacholembera. Pamafoni ena pamalembedwa `Markup`, ena `Draw`. Pa chovala chilichonse lembani nambala: 1 chosunga, 2 chokasoketsa, 3 chosinthana, 4 chopereka. Chimene simukuchizindikira, chiikeni kadontho. Ngati mwiniwake mwachiiwala, kawirikawiri si cha mulu woyamba.

Funso lokutsogolerani ndi limodzi: kodi ndachivala m'miyezi 12 yapitayi? Osati miyezi itatu. Kuno ku Salima ndi ku Nkhotakota, munthu akamasankha zovala mu Okutobala thukuta lili kamukamu, juzi imaoneka ngati katundu wachabe. Mwera ukadzawomba mu Juni ndi Julaye, makamaka kwa okhala m'mphepete mwa nyanja ngati ku Senga Bay, adzaifunafuna. Zina sizivalidwa pafupipafupi koma zili ndi tsiku lake: suti, yunifomu ya kumpingo, mkanjo wa pa Idi, chitenje cha kumaliro. Zimenezi zilembeni 1, koma mtundu uliwonse chimodzi kapena ziwiri basi. Nsalu za chinkhoswe ndi za ukwati ndiye zimadzadza mashelefu mwakachetechete; sankhanipo ziwiri zimene mumazikondadi.

Tiyerekeze shelefu yomwe ili ndi zovala 12. Mabulauzi anayi ndi masiketi awiri mumavala sabata ndi sabata: 1. Siketi yakuda idaphulika zipi, thalauza idasosoka mpendero: 2. Diresi ya chitenje ndi jinzi zili bwinobwino koma zinathina mutabereka: 3. Malaya awiri a pamsonkhano wina simunawavalepo: 4. Zonsezi zimatheka m'mphindi zisanu, musanadzuke pampando.

Tsopano yalani mphasa, ikani mabeseni kapena matumba anayi, n'kutulutsa shelefu imodzi yokha motsatira manambala aja. Apa ndiye pamene chithunzi chimagwidwa bodza, ndipo mulu wachiwiri ndi umene umafuna diso kwambiri.

Chovala chokasoketsa chitembenuzeni, muone ngati vuto lili pamsoko kapena pansalu. Ulusi ukaduka nsalu ili yolimba, telala amangodutsitsapo makina. Koma nsalu ikapyapyala, monga m'mphechepeche mwa jinzi kapena pakolala ya shati, kwezani padzuwa: kuwala kukamadutsa ngati m'sefa, msoko watsopano udzang'ambikira pambali pake pakangotha masiku ochepa. Pamenepo pafunika chigamba cha mkati chokula kuposa malo ofookawo, apo ayi chovalacho chatha. Zipi nayo ili ndi matenda awiri. Ngati mano onse alipo koma imatseguka m'mbuyo mukakoka, kamutu kake ndiko katakasuka. Kafinyeni pang'ono ndi pulayasi mbali zonse ziwiri. Ngati dzino lathothoka pakati, ifunika yatsopano. Yongolimba ipakeni kandulo m'mano. Lasitiki ya m'chiuno ikamalira thethethe poikoka, yafa, koma kusintha kwake n'kosavuta. Chothina, onani nsalu yotsala mkati mwa msoko: zosoketsa kwa telala zimakhala ndi malo okulitsira, pamene zambiri za pakaunjika zimadulidwa pafupi ndi ulusi, moti palibe potambasulira.

Musanasoketse, funsani mtengo n'kuyerekeza ndi wa chovala chofanana nacho pamsika. Kusoka kukaposa theka la mtengowo, ganizirani kawiri, pokhapokha ngati nsaluyo ndi yabwino kwambiri. Ndipo mulu umenewu upatseni masabata awiri. Thumba la zokasoketsa likangokhala kuseri kwa chitseko, ndiye kuti mwangosamutsa chipwirikiti.

Nunkhizaninso chilichonse, ngakhale cha mulu woyamba. Chinyezi cha nthawi ya dzinja chimabweretsa nkhungu, makamaka kumbuyo kwa wodiropu yogundana ndi khoma. Nkhungu yoyera yonga ufa imachoka: kung'unthani panja, chapani ndi sopo, yanikani padzuwa mpaka kuuma gwa. Timadontho takuda tolowerera munsalu nthawi zambiri sitichoka. Timabowo tating'ono pajuzi ndi ntchito ya njenjete, ndipo mawanga ofiirira paphewa ndi dzimbiri la mahang'ala a waya. Zonsezi pachithunzi sizioneka.

Chosinthana chikhale chopanda chilema, chimene inunso mungachilandire mokondwa. Chichapeni, chisiteni, chijambuleni pachokha kutsogolo ndi kumbuyo. Musadalire saizi ya pakalebulo, poti zovala za pakaunjika zimachokera m'mayiko osiyana ndipo 12 wa uku si 12 wa uko. Yalani chovala, yezani m'chiuno ndi tepi kuchoka mbali ina kufika ina, chulukitsani kawiri, n'kulemba masentimita pachithunzipo pamodzi ndi kutalika kwake. Potumiza pa WhatsApp kwa achemwali, apongozi kapena anzanu a kubanki mkhonde, sankhani `HD`, chifukwa chithunzi chikafinyidwa maluwa a nsalu saoneka bwino. Chikapanda kupeza mwini m'masabata awiri, chisamukire ku mulu wachinayi.

Zopereka pisani m'matumba monse, chapani, pindani, ndipo patulani za ana, za amayi ndi za abambo. Perekani kwa achibale, kumpingo kapena kumzikiti, komwe amadziwa banja limene nyumba inagwa ndi mvula. Musamapatse munthu nsanza n'kumati mwathandiza. Chong'ambika ndi chankhungu chidulidwe chikhale chokolopera kapena chopukutira njinga. Zovala zobwereka zibwerere kwa eni ake, ndipo za malemu musaziike mumulu uliwonse panokha, zimenezo amagawa ndi akubanja.

Pobwezera zosunga, pukutani mashelefu aume, kokani wodiropu italikirane ndi khoma zala zinayi, ndipo onani pansi pake ngati chiswe sichinayambe kumanga njira. Zovala za tsiku ndi tsiku zikhale pa shelefu yofanana ndi chifuwa, majuzi pamwamba. Mahang'ala onse muwapachike mbedza zitayang'ana kwa inu, n'kumatembenuza ya chovala chimene mwavala. Jambulaninso lero lomwe, ndipo chithunzicho mudzachitsegule miyezi 12 ikadzatha: hang'ala yomwe sinatembenuke, chovala chake chidzalembedwe 3 kapena 4.