Wachibale akakupatsani malo, musalekere pa pepala losayina

Tiyerekeze kuti amalume ali ndi malo a maekala 5 olembedwa m'dzina lawo, ndipo apatsa muphwa wawo maekala 2 kwaulere. Alemba chikalata cha mphatso, onse awiri asayina pamaso pa mboni, muphwa wachipinda bwinobwino n'kuchibisa pansi pa sutikesi. Wamanga nyumba, wabzala mitengo. Patapita zaka amalume atisiya, ndipo ana awo popita ku ofesi yoona za malo akupeza kuti maekala onse 5 akadali m'dzina la bambo awo. Malowo tsopano akuwerengedwa ngati chuma chamasiye, muphwa uja akuoneka ngati wolowerera.

Vuto lagona apa. Kumene malo amalembedwa m'kaundula wa boma, lamulo limazindikira munthu amene dzina lake lili m'kaundulamo. Chikalata cha mphatso chimangosonyeza zomwe wopereka ankafuna, koma umwini umasamuka tsiku limene mphatsoyo yalembetsedwa. Ndipo wolandira mphatso sakhala ndi mphamvu ngati za wogula, poti sanalipire kanthu. Makhoti ambiri safuna kukakamiza munthu, kapena ana ake, kuti amalize mphatso yomwe inasiyidwa panjira.

Ngakhale amalume ali moyo, zinthu zikhoza kusokonekera. Atapanikizika ndi matenda angathe kupereka malo onse ngati chikole ku banki, ndipo banki imadalira kwambiri zomwe zili m'kaundula. Za pepala la m'sutikesi sidziwa. Ngongole ikalephereka, nyumba ya muphwa ikhoza kugulitsidwira kumodzi.

Choncho musanasayine, pitani ku ofesi ya malo mukapemphe kuti akufufuzireni m'kaundula. Muone ngati woperekayo alidi mwini wake yekha, komanso ngati pamalopo palibe ngongole kapena chiletso. Ngati mayina alipo awiri, monga mwamuna ndi mkazi wake, onse ayenera kuvomera ndi kusayina.

Apa poti akupereka mbali chabe, pafunika katswiri woyeza malo kuti adule maekala 2 aja, aike zizindikiro m'malire, ajambule mapu, gawolo lipatsidwe nambala yakeyake. Ambiri amathawa ntchito imeneyi chifukwa imadya ndalama, koma ine ndimati ndi imene imapulumutsa chibale. Mawu akuti "kuyambira pamtengo uwo kukafika pachulu" amatha tsiku lomwe mtengowo wagwa.

Chikalatacho chitchule mayina onse monga alili pa ziphaso, nambala ndi kukula kwa malo, ndiponso chinene poyera kuti palibe malipiro ndi kuti wolandira wavomera. Ndi bwino achilembe loya, ndipo mboni zisakhale anthu opindula ndi mphatsoyo. Mukatero lipirani msonkho ndi ndalama yolembetsera zomwe ofesi ikuuzeni, n'kupereka mapepala onse pamodzi ndi chikalata chakale cha umwini, wopereka akadali moyo komanso mutu ukuyenda bwino.

Risiti yokha isakunamizeni kuti zatheka. Bwererani mukafufuzitsenso m'kaundula, muone ndi maso anu dzina lanu pa nambala ya gawo lija.