Phazi likayamba kuwawa pamalo amodzi: mng'alu wa fupa kwa msilikali watsopano ndi woyenda maulendo ataliatali

Fupa la phazi likhoza kuthyoka munthu asanagwe, asanapunthwe, asanapondedwe ndi aliyense. Limang'aluka pang'onopang'ono chifukwa cholemedwa tsiku ndi tsiku osapatsidwa mpata wopuma. Vutoli ndi lakale pakati pa asilikali. M'chaka cha 1855 dokotala wa asilikali a ku Prussia, Breithaupt, adalemba za anyamata amene mapazi awo ankatupa ndi kuwawa akaguba mtunda wautali, ndipo makina ojambula mafupa atabwera zidadziwika kuti chimene chinkachitika ndi kung'aluka kwa fupa. Lero timaliona kwa achinyamata amene angoyamba maphunziro a usilikali, kwa amene akuthamanga m'mamawa uliwonse pokonzekera kukayesedwa ntchitoyo, ndi kwa munthu wa m'tauni amene wangoganiza zoyamba kuyenda makilomita ambiri kapena kukwera phiri la Mulanje atasenza chikwama.

Pakati pa zala ndi kakolo pali mafupa asanu ataliatali, lililonse lolunjika chala chake. Limene limang'aluka kawirikawiri ndi lachiwiri, loyandikana ndi la chala chachikulu, ndipo lotsatira ndi lachitatu. Lachiwirilo ndi lalitali, lopyapyala, ndiponso logwidwa zolimba kumbuyo kwake, choncho silitha kusuntha kuti lipewe katundu. Nthawi iliyonse mukamanyamula chidendene kuti muponye mwendo kutsogolo, thupi lonse limatsamira pamenepo.

Chimene anthu ambiri sadziwa ndi chakuti fupa likapatsidwa ntchito yatsopano limayamba lafooka lisanalimbe. Thupi limagumula kaye tizigawo totopa ta fupa, kenako n'kumanga tatsopano, ndipo kugumula kumathamanga kuposa kumanga. Zili ngati kukonza denga la udzu: mumayamba mwasasula udzu wakale musanafolere watsopano, ndipo mvula ikabwera pakati pa ntchito ziwirizi nyumba imadontha. Pa fupa, nyengo yoopsayo imagwa m'masabata angapo oyambirira a ntchito yolemetsa. N'chifukwa chake ululu sufika tsiku loyamba. Umafika munthu atayamba kuona ngati wazolowera, mpweya ukukwanira, minofu yasiya kuphwanya. Mtima ndi minofu zimazolowera msanga, fupa limatsalira m'mbuyo.

Titenge chitsanzo cha mnyamata wa zaka 20 amene asanapite ku maphunziro ankangoyenda pakabaza ndi paminibasi. Tsopano akuthamanga m'mamawa, akuguba masana atavala jombo zolimba, ndipo masiku ena akusenza chikwama cholemera pamsewu wa tala. M'sabata yachitatu akumva kuwawa pamwamba pa phazi lamanja, koma kumapeto kwenikweni kwa ulendo. Akavula jombo n'kukhala pansi, ululu ukutha, ndipo m'mawa akudzuka bwinobwino. Iye akuti ndi jombo zothina. Patapita masiku anayi kapena asanu, ululu ukuyamba ali pakati pa ulendo. Sabata yotsatira ukuyamba atangoponda maulendo ochepa, ndipo madzulo pamwamba pa phazi patupa moti mitsempha imene imaoneka paphazi linalo siikuoneka, chingwe cha jombo chasiya mzere pakhungu. Akapitirizabe, ayamba kutsimphina ngakhale popita kukasamba, ndipo usiku phazi lizimubaya ali chigonere.

Dongosolo limeneli ndilo chizindikiro chachikulu. Kutopa kwa minofu kumawawa kwambiri poyamba kuyenda, thupi likatentha kumachepa, ndipo kumakhudza malo aakulu, nthawi zambiri miyendo yonse iwiri. Kubinya kumakhala ndi tsiku lake ndi mphindi yake, munthu amatha kunena kuti ndidaponda mwala pakutipakuti. Mng'alu wa fupa ulibe tsiku loyambira, umakula pamene mukuyenda, ndipo tsiku lililonse ululu wake umafika msanga kuposa dzulo.

Mukhoza kudziyesa nokha. Khalani pansi, ikani phazi pa bondo, ndipo ndi chala chimodzi tsatirani fupa lililonse pamwamba pa phazi kuchokera patsinde pa chala kukwera chakukakolo, mukudinikiza pang'onopang'ono. Ngati pali mng'alu, mupeza kamalo kamodzi kokwana nsonga ya chala kamene kakupweteka moti mudzidzimuka, pamene pambali pake sipakupweteka choncho. Yerekezani ndi phazi linalo. Gwiraninso chala cha fupa limenelo n'kuchikankhira m'mbuyo molunjika chidendene. Ululu ukamveka pa kamalo komweko, chikayiko chakula. Ena amayesa kudumpha ndi mwendo umodzi. Ngati kuyenda kokha kukuwawa kale, kuyesa kumeneko kusiyeni.

Mukapeza zimenezi, siyani kuthamanga ndi kuguba tsiku lomwelo ndipo pitani kuchipatala. Ndikudziwa kuti kwa wophunzira usilikali mawu awa ndi olemera. Amaopa kutchedwa waulesi, amaopa kubwezedwa kumudzi ntchito ataipeza movutikira. Koma mng'alu wogwidwa msanga umapola m'masabata 6 mpaka 8, pamene wouumiriza ukhoza kudutsa fupa lonse, zidutswa n'kusemphana, ndipo nthawi yokhala pansi imatalika. Inu alangizi a maphunziro ndi atsogoleri a magulu oyenda, wachinyamata akaloza ululu ndi chala chimodzi pafupa, mutumizeni akapimidwe. Woloza chonchi sakunamizira.

Kuchipatala akujambulani, koma apa pali msampha umene umasokeretsa anthu ambiri. M'masabata awiri kapena atatu oyambirira chithunzi cha mafupa nthawi zambiri sichionetsa kanthu, chifukwa mng'aluwo ndi wopyapyala kwambiri. Chimene chimadzaoneka pambuyo pake ndi fupa latsopano limene thupi layamba kumata mozungulira malowo, looneka ngati kamtambo koyera m'mbali mwa fupa. Mnyamata wathu uja akajambulidwa m'sabata yoyamba ya ululu n'kuuzidwa kuti sipakuoneka chothyoka, asatenge zimenezo ngati chilolezo chobwerera pamzere. Apumitse phazi ngati lothyoka ndithu, ndipo akajambulidwenso pakapita masabata awiri kapena atatu. Makina a MRI, ojambula mkati mwa thupi mwatsatanetsatane, amaona vutoli msanga, koma amapezeka m'zipatala zochepa, ndipo pa fupa lachiwiri kapena lachitatu wachipatala wodziwa mafupa amatha kulizindikira ndi mbiri ya ululu komanso chala chake.

Kapoledwe kamadalira fupa limene lang'aluka. Ngati ndi pakati pa fupa lachiwiri, lachitatu kapena lachinayi, nkhani ndi yabwino, chifukwa magazi amafika bwino pamenepo. Nthawi zambiri chikhakha sichifunika. Munthu amavala nsapato ya pansi polimba yosapindika, amayenda pang'ono pokha pamene sipakuwawa, ndipo ngati kuponda kukupweteka amagwiritsa ntchito ndodo zoyendera kwa sabata imodzi kapena ziwiri. Lamulo lake ndi limodzi: chilichonse chodzutsa ululu pa kamalo kaja n'choletsedwa. Patapatapa wopindika paliponse sathandiza konse.

Pali malo ena amene sitichita nawo zinthu mopepuka chonchi. Oyamba ndi kunja kwa phazi, chakutsinde kwa fupa lachisanu, patsogolo pang'ono pa kachotupa ka fupa kamene mumakamva m'mbali mwa phazi. Achiwiri ndi pamwamba pa phazi pafupi ndi kakolo, chamkati, pa kafupa kooneka ngati bwato kamene kamagwira uta wa phazi. Ululu wake umakhala wosamveka bwino malo ake ndipo anthu amachedwa nawo miyezi. Mbali za mafupa amenewa zimene zimang'aluka zimalandira magazi ochepa, choncho zimachedwa kulumikizana ndipo nthawi zina sizilumikizana n'komwe. Apa pamafunika chikhakha, osaponda pansi masabata 6 kapena kuposerapo, mwinanso opaleshoni yoika chitsulo. Ululu ukakhala m'malo awiriwa, musadzichiritse kunyumba.

Pa za mankhwala, panado amakwanira. Bulufeni ndi dayikolofenaki amachotsa ululu bwino, koma pali nkhawa yakuti akamwedwa masiku ambiri amachedwetsa kulumikizana kwa fupa. Choipitsitsa ndi kumwa mankhwala m'mamawa n'cholinga choti mukathe kuguba, chifukwa mwazimitsa chinthu chokhacho chimene chimakuuzani kuti mng'alu ukukula. Kusisita mwamphamvu, kukoka zala kuti phazi liwongoke, ndi kutema mphini pamalo potupa sizifika pafupa, ndipo mphini zimatha kulowetsa matenda. Kutupa kumachepa mukakweza phazi pa pilo madzulo ndi kuika nsalu yonyowa ndi madzi ozizira kwa mphindi 15.

Fupa limamangidwa ndi chakudya, ndipo wophunzira amene akugwira ntchito yoposa zimene akudya amang'aluka msanga n'kupola mochedwa. Usipa, matemba ndi bonya zodyedwa ndi minga yake zimapereka kashiamu wambiri, mchere wolimbitsa mafupa, chimodzimodzi mkaka ndi chambiko, ndipo nyemba, mtedza ndi mazira zimathandiza pomanga. Fodya amachedwetsa kupola. Atsikana ali pachiopsezo chachikulu kuposa anyamata, makamaka amene msambo wawo wasiya kubwera kwa miyezi itatu kapena kuposerapo chifukwa cha maphunziro olemetsa ndi kudya moperewera. Mtsikana wotero auze wachipatala mosabisa, chifukwa kusowa kwa msambo kumeneko kumayendera limodzi ndi kufooka kwa mafupa.

Ambiri amalakwitsa pobwerera. Ululu umatha fupa lisanalimbe, choncho kutha kwa ululu si mapeto a kupola. Mnyamata wathu adikire mpaka atayenda mayendedwe a tsiku ndi tsiku osamva kanthu kwa masabata awiri, ndipo podinikiza kamalo kaja pasawawe. Kachotupa kolimba kakhoza kutsala pamenepo, kameneko ndi fupa latsopano lija, kasamudetse nkhawa. Akatero ayambe kuyenda mwandawala mphindi 20 pamalo a dothi kapena udzu, tsiku lina n'kupuma. Sabata ikatha bwino, aziphatikiza kuthamanga mphindi imodzi ndi kuyenda mphindi zinayi, n'kumawonjezera pang'ono sabata iliyonse, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo khumi a mtunda wa sabata yapita. Asawonjezere mtunda, liwiro ndi katundu nthawi imodzi. Chikwama chibwere pomalizira. Ululu ukabwerera pamalo pomwe paja, apume masiku angapo n'kuyambiranso pa sitepe ya m'mbuyo. Pa nthawi yonse yodikira akhoza kusambira, kapena kupalasa njinga ngati sikukudzutsa ululu, kuti mpweya usathe.

Dongosolo lomweli ndi loyenera kwa amene akukonzekera kukayesedwa usilikali: yambani miyezi iwiri kapena itatu nthawi isanakwane, ndipo jombo zatsopano muziyamba kuzivala pa maulendo afupiafupi.

Phazi likafiira n'kutentha, thupi likatentha, kapena phazi likatupa mwa munthu wodwala shuga ngakhale lisakupweteka kwenikweni, vuto likhoza kukhala lina loopsa kuposa mng'alu, ndipo munthuyo apite kuchipatala tsiku lomwelo.