Kalata yochokera ku Paris kapena ku Brussels: yang'anani mayina musanayankhe

Ngati mumalemberana imelo ndi ofesi za ku France, Belgium kapena Senegal, dziwani kaye kuti pa Outlook ya Chifalansa mabatani ndi osiyana. Cc ndi yomweyo, koma Bcc imalembedwa Cci, kutanthauza kope losaoneka, ndipo kuyankha onse ndi Répondre à tous.

Chimene chinandipulumutsa ine ndi ichi. Mukalandira kalata, onani kaye pamene pali dzina lanu. Ngati lili pa À, womwe ndi mzere wa To pa Chingerezi, ndinu amene akuyembekezera yankho lanu. Ngati lili pa Cc, akungokudziwitsani, werengani n'kukhala chete pokhapokha mutafunsidwa. Ngati dzina lanu silikuoneka paliponse, kawirikawiri ndiye kuti anakuikani pa Cci. Pamenepo musayerekeze kudina Répondre à tous, chifukwa onse adzadziwa kuti wotumizayo anakubisani, ndipo amene achite manyazi ndi iyeyo.

Nkhani ya abwana ndiye yovuta. Maofesi ambiri a ku France amalemekeza kwambiri maudindo, moti kuwonjezera mkulu wa mnzanu pa Cc pakati pa zokambirana kumaoneka ngati mukumunenera. Ine ndinachitapo zimenezi pofunsa za lipoti lochedwa, mnzangayo anasiya kulemba moni wa Bonjour ndi dzina langa, n'kumangoyankha mwachidule kwa milungu iwiri. Tsopano ndimayamba ndamuimbira foni. Zikakanika, ndimalemba poyera pamzere woyamba kuti ndawonjezera abwana komanso chifukwa chake.

Mukafuna kungonena Merci, kutanthauza zikomo, mutumizireni wolembayo basi, osati anthu onse amene ali pa kalatayo.