Zithunzi zakale za kubanja: sikanani nokha, musapatse munthu

Abale anga okhala kunja kuno, ngati munabwera ndi alubamu ya makolo m'chikwama, musayerekeze kuisiya m'manja mwa shopu iliyonse imene yalemba pakhomo kuti imakonza zithunzi. Ine mpaka lero mtima ukundiwawa.

Ndinapereka zithunzi za ukwati wa mayi ndi bambo kwa mkulu wina wa shopu yotere, wolankhula mokoma kwabasi. Iye anazilowetsa mu makina aja okoka mapepala okha, a zikalata za mu ofesi. Zinabwerako zili ndi mizere yokandika kuchokera pamwamba mpaka pansi. Chimodzi chinamatirira ku tsamba la alubamu, ndiye anachimatula mwamphamvu, theka la nkhope ya agogo n'kutsalira pa pulasitiki. Nditafunsa, akuti "zinali zakale kale, bwana." Mafayilo amene anandipatsa anali timajepegi ta 150 dpi, kutanthauza timadontho 150 tokha pa inchi iliyonse, atatidutsitsa m'pulogalamu yosalaza nkhope moti mayi ankaoneka ngati chidole. Ndinapempha mafayilo oyamba osakonza. Analibe, anali atasunga pamwamba pake. Chimene chinandipweteka kwambiri ndi chimenecho, chifukwa mtundu ukalakwika umakonzedwanso, koma tsatanetsatane wa nkhope akafufutika ndiye wapita.

Kusikana kwenikweniko si nkhani. Pezani sikana ya galasi yogonekapo chithunzi, pukutani galasilo ndi kansalu kofewa kouma, ikani 600 dpi, sankhani mitundu ngakhale chithunzi chili chakuda ndi choyera, ndipo musunge ngati TIFF kapena PNG. Chithunzi cha masentimita 10 kwa 15 chimatuluka mapikiselo pafupifupi 2400 kwa 3600, okwanira kuchikulitsa kawiri posindikiza. Zimitsani chilichonse cholembedwa Auto kapena Enhance. Chomatirira ku galasi la felemu musachikoke, chisikaneni ndi galasi lake lomwelo. Fayilo yoyambayo muikopere pena ndipo musadzaikhudzenso. Ndikubwereza: musadzaikhudzenso.

Tsopano za kufiira kumene kumabwera pa zithunzi zakale. Pepala la chithunzi chamitundu lili ndi utoto wa mitundu itatu: wachikasu, wapinki wakupsa, ndi wabuluu wobiriwira. Itatuyi sisuluka pamodzi. Pa zithunzi zambiri zakale zosungidwa mu alubamu, wabuluu wobiriwira uja ndi umene umayamba kutha, ndipo poti ntchito yake inali kubweza kufiira, chithunzi chonse chimasanduka chofiirira. N'chifukwa chake kungowonjezera kuwala sikuthandiza. Muyenera kukonza mtundu uliwonse pawokha.

Tsitsani GIMP, pulogalamu yokonzera zithunzi pa kompyuta, ndi yaulere, ndipo aliyense wokuuzani kuti mulipire akukuberani. Tsegulani kope la fayilo yanu, pitani pa Colors, kenako Levels. Pa Channel sankhani Red. Muona kaphiri kakuda pa mzere woyambira 0 kufika 255, pansi pake pali timakona titatu. Pa chithunzi cha ukwati chimene ndinasikananso ndekha, kaphiri ka Red kanayambira cha pa 70, kumanzere konse kuli mbee. Tanthauzo lake n'lakuti ngakhale suti yakuda ya bambo inali itadzaza kufiira. Ndinakoka kakona kakuda kufika pamene kaphiri kakuyambira, kakona koyera n'kukabweretsa pamene kakuthera, suti ija pomwepo n'kuda bii. Chitani chimodzimodzi pa Green ndi pa Blue. Musalowetse timakonato mkati mwa kaphiri, chifukwa mizere ya diresi ndi tsitsi zimasowa.

Kufiira kukatsalako pang'ono, bwererani pa Red ndi kusuntha kakona kapakati kumanja, nambala yake itsike pansi pa 1.00, mwina 0.90. Maso akhale pa chinthu chimene mukudziwa kuti chinali choyera kapena chotuwa, monga kolala ya shati. Kolala ikayamba kubiriwira, kapena khungu la anthu likatuwa, mwapyola, bwezani. Ndipo chonde, khungu la makolo athu lisiyeni mmene linalili. Mkulu uja anawayeretsa onse, akuti ndiko kukongoletsa.

Ena angakuuzeni kuti ingodinani White Balance pansi pa Colors ndi Auto. Yesani, nthawi zina imalasa, koma m'mphepete moyera mwa pepala kapena kadontho kakuda zimaisocheretsa, choncho yambani mwadula m'mphepetemo. Timadontho ta fumbi chotsani ndi chida cha Heal cha mu GIMP momwemo, kamodzikamodzi, osati kupaka pankhope ponse. Pamene dzuwa linawaula mpaka pepala kuyera, palibe pulogalamu ingabweze chimene chinalipo, ndiye musataye usiku wanu.

Mukamatumizira abale pa WhatsApp, tumizani ngati Document, apo ayi imachifinya chithunzicho, ntchito yonse ija n'kupita padera. Mapepala enieniwo musataye ngakhale limodzi, asungeni pouma, pamdima.