Momwe mungafulumizitsire dashibodi yochedwa mu Tableau

Musanagule seva yatsopano, yezani kaye. Ogulitsa makina ena akangomva kuti dashibodi ikuchedwa amathamangira kukulemberani kotesheni, pomwe vuto lili m'fayilo yanu momwemo. Pitani pa Help > Settings and Performance > Start Performance Recording, tsegulani dashibodiyo, dinani mafyuluta monga amachitira abwana anu, kenako imitsani. Pa lipoti limene lituluke, mzere wautali ukakhala wa Executing Query, nthawi ikuthera ku detabesi. Ukakhala wa Computing Layout, mwachulutsa zojambula.

Yambani ndi kudula. Tchati chilichonse chimatumiza funso lake ku detabesi, ndiye matchati 12 patsamba limodzi ndi katundu. Siyani anayi kapena asanu amene anthu amayang'anadi, enawo apite patsamba lina. Tebulo lalitali la malisiti onse lija lichoke, palibe amaliwerenga mpaka pansi.

Kenako pangani ekisitirakiti: pa Data Source sankhani Extract m'malo mwa Live. Tableau imakopera deta m'fayilo ya .hyper, dashibodi n'kusiya kuvutitsa detabesi. Koma osangokopera zonse. Dinani Hide All Unused Fields, chongani Aggregate data for visible dimensions, ndipo pa Roll up dates to ikani Month. Tiyerekeze muli ndi mizere 6 miliyoni ya malonda a zaka ziwiri, mashopu 40 ndi mitundu ya katundu 200. Mukaphatikiza pamwezi, mizere singapose 192,000. Chomwe mwataya ndi malonda a tsiku ndi tsiku, choncho funsani kaye ngati pali amene amawafuna.

Pamene panandivuta ine ndi pa Incremental refresh, njira yotsitsimutsira ekisitirakiti imene simunachonge Aggregate. Imathamanga, inde, chifukwa imangowonjezera mizere yatsopano potsatira deti kapena nambala ya lisiti. Koma mzere wakale ukakonzedwa ku detabesi, iyo siidziwa. A ku akaunti anakonza malisiti a mwezi wapitawo, ena anawafufuta chifukwa katundu anabwezedwa, koma dashibodi inkawonetsabe ziwerengero zakale. Panalibe uthenga uliwonse wochenjeza. Tinazindikira pamsonkhano, lipoti lawo litasiyana ndi langa. Tsopano Incremental imayenda usiku uliwonse, ndipo Loweruka ndimayendetsa yathunthu yomanganso ekisitirakiti yonse. Ikatha, ndimayerekeza ndalama zonse za mwezi watha ndi za m'detabesi. Zikasiyana ngakhale pang'ono, pali chomwe chatsalira.

Zotsalazi n'zachangu. Pa mafyuluta osankha zambiri yatsani Show Apply Button, kuti funso lipite kamodzi, osati nthawi iliyonse munthu akachonga bokosi. Only Relevant Values imawonjezera mafunso, isiyeni pa fyuluta imodzi kapena ziwiri. `COUNTD` ndi yolemera, ngati n'kotheka iwerengereni ku detabesi. Kukula kwa dashibodi kukhale Fixed size kuti seva izigwiritsanso ntchito zomwe inasunga kale. Mukatero jambulaninso ndi Performance Recording, muyerekeze masekondi ndi oyamba aja.