Chithunzi cha kayendedwe ka kaboni: bokosi si muvi, abale

Abale amene muli kunja, kaya mwabwerera kusukulu nokha kaya mwana wakubweretserani pepala loti mumuthandize madzulo, tsiku lina mudzakumana ndi chithunzi cha kayendedwe ka kaboni. Pamakhala mtengo, nyanja, fakitale yotulutsa utsi, mivi yoloza uku ndi uku, ndi malo opanda kanthu oti mulembemo mayina. Chimaoneka chophweka, n'chifukwa chake anthu amatayirapo malikisi mopanda chifukwa. Chopweteka n'chakuti zithunzi zambiri zimene anthu amakopera n'zokongola koma zosokoneza, ndipo amene amalangidwa ndi wophunzira, osati wojambula.

Pa chithunzi chonsecho pali zinthu ziwiri zokha: bokosi ndi muvi. Bokosi ndi nkhokwe, malo amene kaboni amakhala. Muvi ndi ulendo wa kaboni kuchoka m'nkhokwe ina kupita m'nkhokwe ina. Nkhokwe imayezedwa mu GtC, kutanthauza matani biliyoni a kaboni, pomwe muvi umayezedwa mu GtC pa chaka. Mukalemba dzina la zochitika, monga kupuma kapena kuwola, mkati mwa bokosi, mwalakwa. Mukaika nambala pa muvi n'kuiwala mawu oti "pa chaka", mwalakwanso, ndipo wochonga mayeso sadzamva zoti munkadziwa mumtima.

Mabokosi sitichedwapo. Mumlengalenga muli pafupifupi 890 GtC, m'zomera pafupifupi 450, m'nthaka zoposa 1,500, m'nyanja zamchere pafupifupi 38,000. Miyala, makamaka ya laimu, ndiyo nkhokwe yoposa zonse, ya mamiliyoni ambiri a GtC, koma kaboni amalowamo ndi kutulukamo pang'onopang'ono kwambiri. Malasha, mafuta ndi gasi zapansi panthaka muzipatse bokosi lawolawo. Musaziphatikize ndi nthaka, chifukwa muvi wa anthu udzasowa poyambira.

Pamene anthu amagwa kwambiri ndi pa kusiyana kwa nkhokwe ndi chomeza kaboni. Nkhokwe imangosunga. Chomeza ndi nkhokwe imene ikulandira kaboni wochuluka kuposa amene ikutulutsa, ndipo gwero ndi imene ikutulutsa wochuluka kuposa amene ikulandira. Ndiye kuti kukula kwa bokosi sikukuuzani kanthu pa funso limeneli. Muyenera kuona mivi yolowa ndi yotuluka, n'kuchotsera. Nkhalango imene ikukula ndi chomeza, chifukwa mitengo ikuwonjezera thunthu ndi mizu chaka ndi chaka. Nkhalango yomweyo ikadulidwa n'kutenthedwa imasanduka gwero. Nyanja nayo ili pawiri: madzi ozizira amamwa mpweya wa kaboni dayokisaidi, CO₂, wambiri, pomwe madzi ofunda a m'madera otentha, makamaka kumene madzi apansi akukwera pamwamba, amamutulutsa. Timaitcha chomeza chifukwa tikaphatikiza zonse, wolowa amaposa wotuluka. Munthu wolemba kuti miyala ndiye chomeza chachikulu chifukwa nambala yake ndi yaikulu, sanamvetse funso.

Tiyeni tiwerengere chithunzi chimodzi ndi manambala ozungulira, onse mu GtC pa chaka. Imani pa bokosi la mlengalenga. Zomera zapamtunda zikamapanga chakudya ndi kuwala kwa dzuwa zimachotsamo pafupifupi 123. Kupuma kwa zomerazo kumabweza pafupifupi 60, ndipo kupuma kwa nyama, kuwola kwa zakufa m'nthaka ndi moto wolusa zimabweza 60 ina. Nyanja imamwa pafupifupi 83 n'kubweza 80. Kenako mivi ya anthu: kuwotcha malasha, mafuta ndi gasi pamodzi ndi kupanga simenti ndi pafupifupi 10, kudula nkhalango ndi kusintha kagwiritsidwe ntchito ka nthaka ndi pafupifupi 1.

```
120 + 80 + 10 + 1 = 211
123 + 83 = 206
211 - 206 = 5
```

Mzere woyamba ndi zolowa, ndipo 120 ndi 60 ziwiri zija pamodzi; wachiwiri ndi zotuluka. Chaka chilichonse pafupifupi 5 GtC amatsalira mumlengalenga. Pa 11 amene anthu awonjezera, mtunda wameza 3, nyanja yameza 3, otsala 5. Mungadziyese ngati mwakhoza: 1 ppm ya CO₂ mumlengalenga, kutanthauza gawo limodzi pa magawo miliyoni a mpweya, ndi 2.12 GtC, choncho 5 kugawa ndi 2.12 ndi pafupifupi 2.4 ppm pa chaka, ndipo n'zofanana ndi mmene zoyeza zikukwerera zaka zino. Pamene wasayansi Charles David Keeling ankayamba kuyeza paphiri la Mauna Loa ku Hawaii mu 1958 panali pafupifupi 315 ppm. Pano tadutsa 420.

Wina adzakuuzani kuti 11 ndi kachinthu kakang'ono poyerekeza ndi 200 yachilengedwe, ndiye anthu alibe mlandu. Musamutsatire, ndipo musalembe zimenezo pa pepala. Mivi yachilengedwe imayenda iwiriiwiri, wina kupita wina kubwera, ndipo imangotsala pang'ono kufafanizana. Muvi wochokera m'bokosi la malasha ndi mafuta ulibe mnzake wobwerera pa nthawi ya moyo wa munthu, chifukwa bokosi limenelo linadzaza pa zaka mamiliyoni ambiri. Mujambule ndi mtundu wina wa cholembera, wofiira ngati ulipo, ndipo pakona mulembe tanthauzo la mtunduwo.

Tsopano msampha umene umakwiyitsa kwambiri, chifukwa si wa ophunzira okha, ngakhale okonza mapepala amagweramo. Buku lina lidzati anthu amatulutsa 10, lina lidzati 37. Palibe likunama. Loyamba likuwerenga kaboni yekha, lachiwiri likuwerenga mpweya wonse wa CO₂ pamodzi ndi okisijeni wake. Kulemera kwa CO₂ ndi 44 pomwe kaboni ndi 12, ndiye 44/12 ndi 3.67, ndipo 10 GtC ndi pafupifupi 37 GtCO₂. Mukatola 37 n'kuika pa chithunzi chimene mivi ina yonse ili mu GtC, masamu anu adzati mlengalenga ukuwonjezera zoposa 30 pa chaka. Mukaona yankho lotere musayambe kukayikira kuchotsera kwanu. Bwererani mukaone zilembo zimene zili kumapeto kwa nambala iliyonse.

Mivi ina itatu imasocheretsedwa kawirikawiri. Wa simenti umachokera m'bokosi la miyala, pakuti laimu akatenthedwa amatulutsa mpweya motere: CaCO₃ → CaO + CO₂. Wa kudula nkhalango umachokera m'zomera ndi m'nthaka, osati m'malasha. Ndipo kupuma kwa munthu, ngakhale ndi munthu, si chowonjezera cha anthu. Kaboni amene mukupumayo anachoka mumlengalenga posachedwapa kudzera m'mbewu, ndiye muvi wake ndi wachilengedwe.

Phiri lophulika musalipatse ulemu umene silinagwirire ntchito. Ojambula amalikonda chifukwa cha moto, n'kulipatsa muvi wonenepa ngati wa fakitale. Ndi gwero lachilengedwe ndithu, koma la pafupifupi 0.1 GtC pa chaka, kutanthauza kuti mivi ya anthu imaliposa pafupifupi ka 100. Ngati chithunzi chanu chikusonyeza kukula kwa ulendo ndi kunenepa kwa muvi, wa phiri ukhale kamzere kowonda. Musanapereke pepala, gwirani muvi uliwonse ndi chala: uyambire m'bokosi, uthere m'bokosi, ndipo mutu wake uloze kumene kaboni akupita. Wa zomera zopanga chakudya uloze pansi kumtengo, wa kupuma uloze kumwamba, ndipo pakati pa nyanja ndi mlengalenga pakhale mivi iwiri, uliwonse ndi nambala yake.